Zilembo zitatu m'buku la kuchipatala, matanthauzo awiri

Tsegulani buku lanu la kuchipatala, lija limakhala pansi pa sutikesi kudikira tsiku la matenda, muyese kuwerenga zimene adokotala analemba ulendo watha. Ambiri timangoona tsiku ndi sitampa, zina zonse ndi zilembo ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu zolembedwa mothamanga. Timadzitonthoza kuti nzachipatala, eni ake amamvana. Nthawi zambiri amamvanadi. Koma pali zidule zina zimene anamwino awiri ophunzira sukulu imodzi, ogwira ntchito m'nyumba imodzi, angaziwerenge mosiyana, ndipo aliyense angakhale ndi chifukwa chomveka. Vutoli limakula zolembazo zikakalamba. Wolemba anasamuka kapena anapuma ntchito, wodwala wapita kuchipatala china, ndipo amene wagwira bukulo lero ayenera kupereka mankhwala potengera zilembo zimene sanalembe yekha.

Nchifukwa chake m'zipatala muli ntchito ina yosaonekera, yotenga zolemba zakale ndi kulemba mawu onse a chidule chosokoneza kuti wobwera pambuyo asapunthwe. Imachitika wodwala akamatumizidwa kuchipatala chachikulu, akasamukira kwina, kapena mafailo a pepala akamalowetsedwa m'kompyuta. Poyang'ana patali ikuoneka ngati ntchito ya kalaliki, yoti munthu angotenga mndandanda wa zidule nkumakopera matanthauzo. Sili choncho. Chidule chimodzi chokha chodziwika bwino m'zipatala za kuno kwathu chikwanira kuonetsa chifukwa chake.

Chidulecho ndi IPT. Ku sikelo ya amayi oyembekezera, IPT ndi Fansida woteteza malungo, uja mayi amapatsidwa mapiritsi atatu nkumwera pomwepo namwino akuona. Amayamba pakati pakakwana milungu 13, ndipo amabwereza pakadutsa mwezi kapena kuposerapo. Dziko la Malawi linayamba kudalira Fansida kale, m'chaka cha 1993, pamene kulolokwini anasiya kugwira ntchito, ndiye azamba athu chidulechi anachizolowera ngati dzina la mwana wawo. Koma mukangotuluka ku sikelo nkulowa khomo la kiliniki ya ma ARV, zilembo zomwezo zikutanthauza mankhwala ena, otchedwa ayisonayazidi, oteteza chifuwa chachikulu. Awa ndi omwa tsiku ndi tsiku kunyumba, mamiligalamu 300 kwa munthu wamkulu, kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. M'Chingerezi, chilembo choyambacho kwa azamba chikuimira mawu otanthauza "mwa apo ndi apo", pomwe kwa a ku kiliniki ya ma ARV chikuimira dzina la mankhwalawo. Matenda ndi osiyana, mankhwala ndi osiyana, kamwedwe nkosiyana, koma pa pepala palibe chowalekanitsa.

Azaumoyo analiona vutoli. Masiku ano mabuku ophunzitsira amalemba IPTp ponena za amayi oyembekezera, ndipo zoteteza chifuwa chachikulu amazitcha TPT. Koma mabuku a odwala olembedwa zaka zapitazo sasintha okha, ndiponso dzanja lozolowera silisiya msanga. Mayi mmodzi akhoza kuyenda m'makomo onse awiri ndi buku lomwelo.

Tiyerekeze nkhani yotere. Ndi mwezi wa Okutobala. Mayi wa pakati pa miyezi isanu wabwera koyamba ku sikelo pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kwa amuna ake, atasamuka ku boma lina. Namwino akutsegula bukulo ndipo pa tsamba lina la m'mbuyo akupeza mzere uwu, wolembedwa pa 14 Febuluwale chaka chomwecho: "IPT 6/12, B6 25mg od, CPT". Siginecha yake ndi kamzere kokhotakhota kosawerengeka. Panja pali amayi makumi anayi akudikira.

Namwino wotopa, amene moyo wake wonse wa ntchito wakhala ku sikelo, maso ake akaona IPT amaona Fansida. Akhoza kuganiza kuti mayiyu analandira kale ulendo woyamba, nkumupatsa mapiritsi atatu a ulendo wachiwiri, nkulemba m'kaundula. Akhozanso kuwerenga 6/12 ngati tsiku, kuti mwina ndi pa 6 Disembala, tsiku lodzabweranso. Zonsezi nzolakwika, ndipo umboni wake uli pa tsamba lomwelo kwa amene waima kaye.

Choyamba kuyang'ana ndi tsiku. Pakati pa miyezi isanu mu Okutobala ndiye kuti panayamba cha mu Meyi. Mu Febuluwale mayiyu sanali ndi pakati apa, ndipo Fansida wa ku sikelo sapatsidwa kwa munthu wosayembekezera. Namwino angofunsa ngati panali pakati pena pamene panapita padera koyambirira kwa chaka. Ngati panalibe, tanthauzo loyamba lagwa kale. Kenako 6/12 ija. Achipatala ophunzira m'njira ya ku Britain amalemba kutalika kwa nthawi ngati gawo: 5/7 ndi masiku asanu, 2/52 ndi milungu iwiri, 6/12 ndi miyezi isanu ndi umodzi. Fansida samwedwa miyezi isanu ndi umodzi yondondozana, koma ayisonayazidi ndiye nthawi yake imeneyo. Tsono pali mnzake woyandikana naye pa mzerewo, B6, amene ndi vitamini wotchedwa piridokisini. Vitamini ameneyu amaperekedwa limodzi ndi ayisonayazidi chifukwa mankhwalawo amatha kuyambitsa dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Palibe amene amamuphatikiza ndi Fansida. Mankhwala ali ngati anthu, mumawadziwa ndi amene akuyenda nawo.

Zilembo zomaliza, CPT, ndi zimene zikusintha zochita za tsikulo. Zikuimira bakitirimu womwa tsiku ndi tsiku, amene amaperekedwa kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV kuti awateteze ku matenda ongopezerapo mwayi. Mayi amene akumwa bakitirimu sapatsidwa Fansida. Mankhwala awiriwa ndi a banja limodzi, onse ali ndi salifa, ndipo kuwaphatikiza kumangowonjezera chiopsezo cha zotsatira zoipa, kuphatikizapo zilonda zoopsa za pakhungu ndi m'kamwa, pomwe bakitirimu payekha amateteza kale ku malungo. Ndiye kuwerenga IPT molakwika pano kukanachititsa kuti mayiyu amwe mankhwala amene sayenera kumwa, ndiponso palibe akanamufunsa ngati anamaliza miyezi yake isanu ndi umodzi ija, imene inayenera kutha mu Ogasiti.

Ngakhale umboni wa pa pepala ukhale wochuluka chotere, namwino wodziwa ntchito amafunsabe mwini buku, ndipo amafunsa pambali, chitseko chitatsekedwa, osati pa benchi pamene apongozi akumvetsera. Safunsa kuti "Munalandira IPT?", chifukwa mayiyo zilembozo sazidziwa ndipo angovomera kuti asaoneke wovuta. Amafunsa zimene munthu angakumbukire ndi maso ndi manja: "Mayi, mankhwala a mu Febuluwale aja munamwera kuchipatala konko, kapena anakupatsani opita nawo kunyumba? Munkamwa kangati? Alipo amene mukumwabe mpaka pano?" Munthu saiwala kumeza mapiritsi atatu nthawi imodzi namwino ataima ndi kapu ya madzi, ndiponso saiwala botolo limene linakhala pa mutu pa bedi miyezi yambiri. Pa zimene analowetsa m'kamwa mwake, wodwala ndi mboni yodalirika kuposa mndandanda uliwonse wa zidule.

Zikatsimikizika, pamatsala kulemba, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino. Mzere wakale uja sufufutidwa, supakidwa tipekisi, ndipo salembapo pamwamba ndi bolopeni yakuda kwambiri. Zolemba za chipatala ndi umboni wa zimene wina anaona ndi kuchita pa tsiku lakelo. Zikhoza kudzafunika pofufuza imfa ya mayi kapena pa mlandu, ndipo tsamba lokhala ndi zofufuta limakayikitsa ngakhale wofufutayo anali wolungama. Namwino amalemba mzere watsopano, pa tsiku la lero, wonena kuti IPT ya pa 14 Febuluwale ndi ayisonayazidi woteteza chifuwa chachikulu kwa miyezi isanu ndi umodzi, osati Fansida. Kuti wadziwa izi poona tsiku, vitamini B6 ndi zimene wodwala wanena. Kuti mayiyu akumwa bakitirimu ndipo asapatsidwe Fansida. Kenako dzina lake lowerengeka, udindo wake ndi siginecha. Pambali pa mzere wakale akhoza kuika kanyenyezi kolozera ku tsamba latsopanolo. Wobwera pambuyo aona zinthu ziwiri, zimene zinalembedwa poyamba ndi mmene wina anazimvera, ndipo ngati womasulirayo analakwitsa, njira yobwerera ilipo.

Mfundo yoti alembe mmene wadziwira ambiri amaiona ngati yotaya nthawi. Ine ndimaiona kuti ndiyo mtima wa ntchito yonseyi. Chidule chosamveka chili ndi ubwino umodzi, wakuti chimaimitsa munthu. Amakwinya nkhope, amafunsa mnzake. Koma mawu onse olembedwa bwino, makamaka akatayipidwa pa kompyuta, sakwinyitsa nkhope ya wina aliyense. Amakhulupiriridwa. Choncho chidule chotambasulidwa molakwika nchoopsa kuposa chidule chosiyidwa momwe chinalili, chifukwa chikayiko chimene chikanateteza wodwala chachotsedwa, ndipo cholakwacho chavala jekete. Chikalowa m'kalata yotumizira wodwala, chimakopedwa m'failo ya chipatala chachikulu, kuchoka apo nkulowa m'kalata yotulutsira, ndipo pofika pa pepala lachitatu palibe angadziwe kuti poyambira pake panali kungoganiza kwa munthu mmodzi masana ena.

Taganizani nkhani yomweyi itatembenuka. Mayi alibe kachilombo, analandira Fansida wake ku sikelo, mzamba analemba IPT. Patapita zaka, wolowetsa zolemba m'kompyuta, amene anazolowera mafailo a ku kiliniki ya ma ARV, akulemba kuti analandira ayisonayazidi. Aliyense wowerenga pambuyo pake ayamba kumuganizira za HIV kapena za chifuwa chachikulu m'banja mwake, zinthu zimene sizinachitike. M'madera mwathu, mmene wogwira ntchito pa chipatala amakhala mnansi wa wodwala, cholakwa chotere sichithera m'failo. Ndipo ngakhale pamene IPT ndi ayisonayazidi weniweni, womasulira asalumphe nkuwonjezera kuti munthuyo ali ndi HIV, popeza mankhwalawa amaperekedwanso kwa ana aang'ono okhala nyumba imodzi ndi wodwala chifuwa chachikulu. Ntchito yake ndi kutambasula zimene zalembedwa, osati kulemba zimene wolemba woyamba sananene.

Sikuti nthawi zonse tsamba limayankha mokoma ngati la mayi wathu uja. Nthawi zina mupeza mawu awiri okha onena kuti IPT yaperekedwa, popanda mlingo, popanda mankhwala ena pafupi, tsiku lake lili mkati mwa nthawi ya pakati, ndipo mayiyo akuti anamwa mankhwala ambiri nthawi imeneyo sakukumbuka. Pamenepo pamatsala kuimba foni ku chipatala chimene chinadinda sitampa kuti ayang'ane m'kaundula wa ku sikelo kapena pa khadi la ku kiliniki ya ma ARV, chifukwa m'makaundula muli malo akeake a mankhwala aliwonse. Safunsa anadya phula. Foni ikapanda kuthandiza, cholemba choona ndi chakuti tanthauzo silinatsimikizike, likhoza kukhala ili kapena ilo, ndipo chithandizo cha lero chikhazikike pa kuyeza ndi kufunsa kwa lero. Kulemba kuti "sizinatsimikizike" kumaoneka ngati kulephera ntchito, makamaka pamene fomu ya pa kompyuta ikufuna kuti bokosi lililonse lidzazidwe. Koma bokosi lodzazidwa ndi zongoganiza silinathandize wodwala aliyense.

Njira yomweyi, yoyang'ana tsiku, malo, mlingo ndi mawu oyandikana nawo, imagwira ntchito pa zidule zina. Choopsa kwambiri mwa izo ndi MS. M'wodi ya amayi oyembekezera zikhoza kutanthauza maginiziyamu salifeti, mankhwala oletsa kukomoka kwa mayi amene magazi ake athamanga kwambiri. M'wodi ya odwala khansa kapena ochitidwa opareshoni zikhoza kutanthauza mofini, wopha ululu. Apa mlingo ndiye umaulula. Maginiziyamu amayezedwa m'magalamu: poyambira mayi amalandira magalamu 4 m'mitsempha ndi magalamu 5 m'thako lililonse. Mofini amayezedwa m'mamiligalamu, 5 kapena 10, ndipo galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000. Mayi wofunika maginiziyamu akapatsidwa mofini, kukomoka sikuleka ndipo kupuma kwake kumachepa. Komanso dokotala wa mtima akalemba MS pa mndandanda wa matenda amakhala akunena za kuchepa kwa khomo lina la mu mtima, lomwe si mankhwala nkomwe. Vuto la zilembozi si la kuno kokha. Ku Amereka, bungwe loyendera zipatala la Joint Commission linatulutsa m'chaka cha 2004 mndandanda wa zidule zoletsedwa, ndipo MS ili pamenepo, pamodzi ndi chilembo U cholembedwa pambuyo pa mlingo wa insulini, chimene dzanja lothamanga limachisandutsa ziro, 10U nkuoneka ngati 100.

Zina zimadalira chaka. Aliyense kuno amadziwa LA, mankhwala a malungo, mpaka agogo kumudzi amawatchula dzina. Koma LA anayamba kuperekedwa m'zipatala za boma m'chaka cha 2007. Mukapeza zilembo LA m'failo ya m'ma 1990, pafupi ndi nkhani ya kusoka bala kapena kuzula dzino, ndi jakisoni wochititsa dzanzi pamalo pamodzi. Wachinyamata amene wayamba ntchito posachedwa akhoza kulemba kuti wodwalayo anali ndi malungo, pamene munthu anangotemedwa ndi chikwanje. PTB nayo ili ndi nkhope ziwiri, chifuwa chachikulu cha m'mapapo kwa ambiri, koma kubereka mwana masiku asanakwane kwa ena a ku matenite. D/C ikhoza kutanthauza kuti wodwala atuluke m'chipatala kapena kuti mankhwala asiyidwe, ndipo ikalembedwa pafupi ndi mndandanda wa mankhwala pa tsiku lotuluka, munthu akhoza kupita kwawo atasiyitsidwa mankhwala amene anayenera kupitiriza. Ngakhale od wa pa mzere wa mayi uja, amene kwa ife ndi kamodzi pa tsiku, kwa dokotala wa maso wophunzira ku Amereka ndi diso lakumanja.

Pa chifukwa chimenechi kompyuta iyenera kugwiritsidwa ntchito mosamala. Pulogalamu iliyonse yolembera ili ndi lamulo lopeza mawu ena paliponse pamene ali nkuwasintha onse nthawi imodzi. Wina akalamula kuti IPT iliyonse isanduke ayisonayazidi m'mafailo zikwi zitatu, ntchito ya mwezi wathunthu itha m'kamphindi, ndipo amayi onse a ku sikelo amene ali m'gululo alembedwa mankhwala amene sanamwe. Kompyuta ingathandize pa kusaka ndi kuika chizindikiro paliponse pamene chidule chokayikitsa chapezeka, koma kusankha tanthauzo kumachitika failo imodzi imodzi. Ndipo mawu oyamba aja, monga momwe analembedwera, asungidwe m'bokosi lawolawo pambali pa mawu otambasulidwa.

Funso la yemwe ayenera kusankha nalonso nlofunika. Kalaliki wa mafailo amadziwa zolemba za pa chipatala pake kuposa dokotala wobwera kumene; amazindikira dzanja la wakuti, amadziwa kuti sitampa iyi inali ya wodi iti. Nzeru zimenezo nzamtengo wapatali posaka umboni. Koma kunena kuti MS iyi ndi maginiziyamu ndi chigamulo cha chipatala, chofunika munthu wodziwa milingo ya mankhwala amene angayankhe chikalakwika. Kagawidwe kabwino nkakuti kalaliki aike chizindikiro, namwino, kiliniko ofesa kapena wa ku famase atambasule ndi kusaina, ndipo pa mankhwala oopsa monga mofini, maginiziyamu ndi insulini munthu wachiwiri awerengenso. Ngati wolemba woyamba akadali pafupi, palibe chifukwa chovutikira, angofunsidwa, ngakhale kuti naye pakapita zaka amatha kuyang'ana dzanja lake lomwe nkupukusa mutu. Chipatala chimene chili ndi mndandanda wakewake wa zidule zololedwa chimapeputsa ntchito ya mawa, koma mndandanda wa chaka chino sunena zimene munthu wa chipatala china ankatanthauza zaka khumi zapitazo.

Sindikuimba mlandu olemba zidule. Kiliniko ofesa amene akuona odwala ochuluka asanadye nkhomaliro sangalembe ziganizo zathunthu, ndipo zidule zambiri, monga BP kapena Hb, sizisokoneza munthu. Zovuta ndi zochepa zimene zili ndi matanthauzo awiri m'nyumba imodzi, ndipo pa zimenezo kulemba dzina la mankhwala m'malo mwa dzina la ndondomeko kumatenga masekondi ochepa. Akanalemba INH kapena SP, zidule za mankhwala enieniwo, namwino wathu wa mu Okutobala sakanaima nkomwe.

Inu eni mabuku muli ndi mbali yanu. Buku lakale likadzaza musalitaye kapena kuyatsira moto. Lisungeni ndi kupita nalo limodzi ndi latsopano, chifukwa tsamba loyandikana ndi limene nthawi zambiri limamasulira mzere wovuta. Musalembemo nokha kapena kupempha mwana wa sukulu kuti akonze. Mukapatsidwa mankhwala atsopano, funsani dzina lake ndi chimene akuteteza kapena kuchiza, ndipo pemphani mwaulemu kuti dzinalo lilembedwe lonse. Ndipo mayi woyembekezera amene mukumwa bakitirimu tsiku ndi tsiku, nenani kwa anamwino a ku sikelo asanakupatseni mapiritsi atatu aja, ngakhale iwo asanafunse.